Mwana akamakana kudya chifukwa cha zilonda za kukhosi, yambani ndi madzi

Mwamuphikira phala lomwe amalikonda, koma wangolawa kamodzi n'kuyamba kulira. Mwamupatsa kapu ya madzi, waikankha. Thupi latentha, dovu likuchucha, ndipo akameza malovu akuchita tsinya. Umu ndi mmene zilonda za kukhosi zimaonekera mwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zitatu, yemwe sanafike potha kunena kuti kukhosi kukundipweteka.

Makolo ambiri zikatere nkhawa yawo imakhala pa mbale: mwana sanadye nsima kuyambira dzulo. Koma mwana yemwe anali wathanzi asanadwale akhoza kudya pang'ono kwa masiku awiri kapena atatu osavulala, bola akhale akumwa. Chimene sichidikira ndi madzi. Thupi la mwana ndi laling'ono, ndipo likatentha limataya madzi mofulumira kudzera m'thukuta ndi m'mpweya. Choncho ntchito yanu masiku amenewa ili patatu: kuchepetsa ululu, kumwetsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndi kudziwa nthawi yosiya zonsezi n'kuthamangira kuchipatala.

Choyamba yang'anani m'kamwa

Mwana akamalira kapena kuyasamula, unikani m'kamwa ndi tochi ya foni. Musachite kumukanula ndi supuni. Nthawi zambiri mudzaona kukhosi kofiira basi, ndipo mwanayo amakhalanso ndi chimfine kapena chifuwa. Mwina mudzaona tizilonda ting'onoting'ono kumapeto kwa kamwa, palilime kapena m'nkhama, ndipo ana ena amatuluka timatuza m'manja ndi kumapazi. Zonsezi zimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa mavairasi. Kukhosi kofiira kwa chimfine kumayamba kupepuka pakatha masiku atatu kapena anayi, pamene zilonda za m'kamwa zikhoza kutenga sabata, zina mpaka masabata awiri.

Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa mavairasi safa ndi amokisilini kapena bakitirimu. Kugula makapisozi pagolosale n'kumutsanulira mwana m'phala sikuchiritsa zilondazi, ndipo kukhoza kumutsegula m'mimba, zomwe zimawonjezera kutaya madzi. Kulipo kupweteka kwa kukhosi koyamba ndi mabakiteriya, komwe kumafunikadi mankhwala a mtundu wa penisilini chifukwa kukalekereredwa kumatha kudzawononga mtima. Kumeneko kumagwira kwambiri ana a zaka 5 mpaka 15, ndipo mwa ana osakwana zaka zitatu sikuonekaoneka. Zizindikiro zake ndi mafinya oyera m'mbali mwa khosi, mwanabere wopweteka pansi pa chibwano ndi kutentha thupi popanda chimfine kapena chifuwa. Mukaona zotere, akamuone achipatala, ndipo akakupatsani mankhwala a masiku 10 mumalize onse ngakhale mwana atayamba kusewera tsiku lachitatu.

Mukaona zoyera ngati mkaka zomata palilime ndi m'masaya, zosachoka mukapukuta, amenewo ndi mafangasi ndipo ali ndi mankhwala akeake kuchipatala. Mwa mwana woposa chaka, zoterezi zikamabwerabwera, achipatala amafuna kuona ngati akudya mokwanira komanso kumuyeza HIV.

Dziwaninso kuti kufiira kwa kukhosi sikutanthauza kuti malungo palibe. Mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi, kamuyezetseni malungo pasanathe maola 24, kaya kwa mlangizi wa zaumoyo kukiliniki ya m'mudzi kapena kuchipatala. Zonse zomwe tikambe pansipa ndi za mwana yemwe wayezedwa kale, kapena zoti muchite pamene mukukonza ulendo.

Ululu uchepe kaye

Mwana sakukana kumwa chifukwa cha mwano. Ludzu ali nalo, koma kumeza kukumupweteka, ndipo waphunzira kuti kapu ikafika pakamwa ululu ukutsatira. Ndiye musayambe ndi kapu, yambani ndi panado. Ambiri amaganiza kuti panado ndi wotsitsa kutentha thupi basi, choncho thupi likazizira amasiya kupereka. Pano tikumupereka chifukwa cha ululu, ndipo mwana akhoza kumufuna ngakhale thupi lisakutentha.

Mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana, osati zaka. Tsegulani buku lake la kusikelo muone makilogalamu omwe analembedwa komaliza. Pa kilogalamu iliyonse amalandira mamiligalamu 10 mpaka 15. Mwana wolemera makilogalamu 12 ndiye kuti alandire pakati pa mamiligalamu 120 ndi 180 pa nthawi imodzi. Ngati muli ndi panado wamadzi wokhala ndi mamiligalamu 120 m'mamililita 5 aliwonse, mupatseni mamililita 5 mpaka 7 ndi theka. Yezani ndi kachivindikiro kolembedwa manambala kapena sirinji yopanda singano, chifukwa masupuni a kukhitchini amasiyana kukula. Werengani pabotolo musanathire, popeza alipo panado wamadzi wamphamvu kuwirikiza kawiri, wa mamiligalamu 250, wopangira ana akuluakulu. Ngati muli ndi piritsi la akulu la mamiligalamu 500, liduleni panayi, ndipo gawo limodzi, lomwe ndi mamiligalamu 125, lipereni n'kulisungunula m'supuni ya madzi.

Perekani pakatha maola 6 aliwonse, ndipo musapyole kanayi pa maola 24. Panado wochuluka amawononga chiwindi mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaoneka patapita masiku. Pachifukwa chimenechi musaphatikize ndi mankhwala ena a chimfine kapena a mutu ogula pagolosale, chifukwa ambiri mwa iwo ali kale ndi panado kapena asipirini mkati. Asipirini sayenera kupatsidwa kwa ana. Bulufeni amachepetsa ululu bwino, koma mwa mwana yemwe sakumwa mokwanira akhoza kuvulaza impso, choncho musamugwiritse ntchito pokhapokha achipatala atamuona mwanayo n'kukuuzani.

Mukapereka panado, dikirani mphindi 30 mpaka 45. Nthawi imeneyi ikakwana ululu umakhala utatsika, ndipo maola awiri kapena atatu otsatirawo ndiwo mwayi wanu womwetsa ndi kudyetsa.

Madzi angati, ndipo amwe bwanji?

Mwana wolemera makilogalamu 10 amafuna pafupifupi lita imodzi ya zamadzi pa tsiku, ndipo wa makilogalamu 12 amafuna kupyolako pang'ono. Kuti musamangoganizira, tsukani mabotolo awiri a theka la lita, muwadzaze madzi owiritsa kapena othira mankhwala a kulorini m'mawa. Cholinga n'chakuti loyamba lithe pofika masana, lachiwiri pofika nthawi yogona. Mwana akamwa mkaka kapena phala lamadzimadzi, tsanulani m'botolo madzi ofanana ndi zomwe wamwazo, kuti botolo lizikuuzani zoona.

Kapu yodzadza imamuopsa mwana wopweteka kukhosi. Gwiritsani ntchito supuni yaing'ono ya tiyi, yomwe imatenga pafupifupi mamililita 5. Supuni imodzi ikuoneka ngati si kanthu, koma supuni imodzi mphindi ziwiri zilizonse ndi masupuni 30 pa ola, omwe ndi mamililita 150. Mukakhala ndi maola anayi otere pa tsiku, mwadutsa kale theka la lita. Akakana supuni, yesani sirinji yopanda singano. Mukhazikeni tsonga pamiyendo panu, lowetsani nsonga ya sirinji m'mbali mwa tsaya, ndipo finyani pang'onopang'ono, kumupatsa mpata womeza. Musalozetse kukhosi, angatsamwe. Ana ena amavomera akapatsidwa kapu ya mkulu wawo, kapena akaona amayi kapena agogo akumwa nawo.

Ngati akuyamwabe, bere ndilo chakumwa choposa zonse, chifukwa muli madzi, shuga ndi chakudya, ndiponso mwana wodwala amalilandira ngakhale akukana zina. Ino si nthawi yomuletsa kuyamwa. Ngati kuyamwa kukumupweteka, finyirani mkaka m'kapu yoyera mumumwetse ndi supuni.

Musamupatse madzi okhaokha tsiku lonse. Mwana yemwe sakudya shuga amatsika m'thupi, ndipo amafooka n'kuyamba kukana kumwa kwambiri. Sinthanitsani madzi ndi mkaka wowiritsa wozizira, phala lamadzimadzi lothira shuga pang'ono, thobwa latsopano losasasa kapena yogati. Zozizira zimaziziritsa zilonda, ndipo ana ambiri amazilandira kuposa zotentha. Chikhulupiriro choti madzi ozizira amakulitsa zilonda za kukhosi chisakuletseni, bola madziwo akhale aukhondo. Ngati akusanza, akutsegula m'mimba kapena mkodzo wachepa, sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi aukhondo ndi kumamupatsa ndi supuni. Otsala atayeni pakatha maola 24. Akasanza, dikirani mphindi 10 kenako yambiraninso, koma mochedwerapo kuposa poyamba.

Chinthu chimodzi musachite ngakhale mtima utakupwetekani bwanji: kumupana mwana pamiyendo, kumutsina mphuno ndi kumuthira phala kapena madzi akulira. Mwana akamalira njira ya mpweya imakhala yotseguka, ndipo zomwe mwathirazo zikhoza kulowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Komanso mwana wokakamizidwa amayamba kuopa supuni, moti ngakhale ululu utachepa amakanabe.

Chakudya chibwere pambuyo, chofewa

Akayamba kumwa, yesani chakudya, masupuni awiri kapena atatu pa nthawi, kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Phala losalala lothira mkaka, dzira kapena supuni ya mafuta ophikira limapereka mphamvu zambiri m'masupuni ochepa. Lisiyeni lizizire mpaka likhale lofunda chabe. Nthochi yakupsa yonyenya, peyala, papaya, maungu ndi mbatata yophika yofewetsa ndi mkaka zimadutsa pakhosi mosavuta. Zowawasa monga malalanje, mandimu, chinanazi, bwemba ndi malambe zimaluma pachilonda, chimodzimodzi zakumwa za gasi, ndiwo za mchere wambiri, tomato ndi tsabola. Zouma ngati tchipisi, mabisiketi ndi chimanga chokazinga zimakanda.

Mwana yemwe wakwanitsa chaka mukhoza kumupatsa theka la supuni yaing'ono ya uchi kuti ufewetse kukhosi. Wosakwana chaka asapatsidwe uchi. Maswiti oyamwa a kukhosi ndi kuvumata madzi a mchere ndi za ana akuluakulu: wamng'ono angatsamwe ndi switi, ndipo madzi a mcherewo amangowameza. Musalole aliyense kukanda, kufinya kapena kudula chilichonse kukhosi kwa mwana, chifukwa akhoza kutaya magazi ambiri ndi kulowa tizilombo tina.

Tiyerekeze tsiku limodzi

Titenge mwana wa zaka ziwiri wolemera makilogalamu 12. Dzulo anayezedwa, malungo sanapezeke, ndipo kukhosi kuli tizilonda. Wadzuka 6 koloko m'mawa akulira, thewera lili lonyowa pang'ono. Amayi ake akumupatsa mamililita 7 ndi theka a panado wamadzi n'kumubereka. Nthawi ikamakwana 7 koloko wasiya kulira, ndipo akuyamba kumupatsa mkaka wozizira, supuni imodzi mphindi ziwiri zilizonse. Pofika 8 koloko wamwa pafupifupi mamililita 150. Wakana phala, ndipo amayiwo sakulimbana naye. Cha m'ma 9 koloko wadya masupuni atatu a nthochi, wamwa madzi pang'ono n'kugona.

Pofika 12 koloko botolo loyamba latsala pang'ono kuposa kota, ndipo wakodza kamodzi. Ululu wabwerera, akukankhanso supuni. Maola 6 akwana, choncho akulandira panado wachiwiri, ndipo ola lomwetsa likubwerezedwa cha m'ma 1 koloko, ulendo uno ndi phala lamadzimadzi. Madzulo 6 koloko akulandira wachitatu. Pogona, botolo loyamba latha ndipo lachiwiri lapyola theka, kutanthauza pafupifupi mamililita 800. Wakodza kanayi, akalira misozi ikutuluka, ndipo masana anasewerako pang'ono. Sanafike pa lita, nsima sanaikhudze, koma mwana ameneyu ali bwino ndipo akhoza kupitiriza kusamalidwa pakhomo. Akagona tulo tabwino musamudzutse chifukwa cha panado. Ikani kapu ndi supuni pafupi kuti akadzuka yekha amwe.

Tsopano tisinthe pang'ono. Mwana yemweyu walandira panado m'mawa ndi masana, koma pofika 2 koloko wangomwa masupuni owerengeka, botolo loyamba silinafike ndi theka lomwe, ndipo chikodzereni m'bandakucha thewera lili louma. Apa njira ya pakhomo yalephera. Musadikire kuti muone mmene agonere. Nyamukani dzuwa lisanalowe, mutatenga buku lake, botolo ndi supuni kuti muzimumwetsa m'njira.

Mkodzo ndiwo umanena zoona

Njira yosavuta yodziwira ngati madzi akukwana ndi kuwerenga kukodza. Mwana womwa mokwanira amakodza kosachepera katatu kapena kanayi pa tsiku, ndipo mkodzo umakhala woyererako. Ukachepa n'kukhala wachikasu kwambiri ndi wonunkha, onjezerani kumwetsa. Akatha maola 8 osakodza, pitani kuchipatala. Matewera ogula amabisa mkodzo, choncho masiku amenewa ikani kansalu mkati kapena mumuveke thewera lansalu.

Zizindikiro zina za kutha madzi m'thupi ndi milomo ndi lilime louma, kulira kopanda misozi ndi maso olowa mkati. Kwa yemwe liwombo silinatsekeke, limalowa. Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi mukhoza kutsina khungu la pamimba ndi zala ziwiri n'kulisiya. La mwana wabwino limabwerera nthawi yomweyo. Likamabwerera mochedwa, madzi achepa, ndipo likatenga masekondi oposa awiri, mwanayo atumizidwe kuchipatala msanga.

Zomwe sizidikira kuti kuche

Pali kusiyana pakati pa mwana wokana kumwa ndi mwana wolephera kumwa. Wokana amalimbana nanu, amakankha kapu, amalira mwamphamvu, ndipo mukamunyengerera amameza. Wolephera ndi wofooka moti madzi amangotayikira m'mbali mwa kamwa, kapena sangathe n'komwe kumeza malovu ake. Wolepherayo apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Chimodzimodzi mwana wosanza chilichonse chomwe wamwa, wokomoka, kapena wogona kwambiri moti akuvuta kudzutsa. Musasangalale kuti mwana yemwe amalira tsiku lonse wangoti zii. Muoneni ngati akukuyang'anani ndi kukuzindikirani.

Mvetseraninso kapumidwe. Phokoso lokhala ngati mluzu kapena kuliza mkonono pokoka mpweya ali maso, kulowa kwa chifuwa pansi pa nthiti popuma, kapena kupuma ka 40 kapena kuposerapo pa mphindi imodzi ali phee, zonsezi zikufuna achipatala. Mwana yemwe wakhala tsonga atasomphola khosi, kamwa lili yasa, dovu likungotsika ndipo mawu asintha, akhoza kukhala kuti njira ya mpweya yatupa. Ameneyo musamuunike kukhosi, musamugoneke chagada, ndipo musamumwetse kanthu. Munyamuleni ali chikhalire choncho. Thamangani nayenso ngati khosi latupa kunja, ngati akukana kutembenuza khosi kapena kutsegula kamwa, kapenanso ngati kukhosi kwayala chinthu chotuwa ngati chikopa, makamaka ngati sanamalize katemera. Akatuluka totupa thupi lonse ndi maso ofiira, akhoza kukhala ndi chikuku.

Ganiziraninso za mwana yemwe anali bwinobwino akusewera, kenako mwadzidzidzi wayamba kuchucha dovu ndi kukana kumeza, thupi lisanatenthe. Ameneyo mwina wameza ndalama yachitsulo, munga wa nsomba, kabatire kobulungira ka wotchi kapena tochi, kapena wamwa mankhwala ochapira. Kabatire kakakakamira kukhosi kamawotcha mnofu m'maola ochepa. Musamusanzitse, pitani naye.

Ana ena sayenera kuyesedwa pakhomo kwa tsiku lathunthu. Mwana wonyentchera kapena wotupa mapazi, yemwe ali ndi HIV, kapena wodwala matenda ena okhalitsa alibe mphamvu zosungira, ndipo shuga wake amatsika msanga. Ameneyo akayamba kukana kudya, akaonedwe tsiku lomwelo. Kwa ena onse, bwererani kuchipatala ngati kutentha thupi kwapyola masiku atatu, kapena ngati zinthu zikuipiraipira m'malo mopepuka.

Kuchipatala musaope kuti akakukalipirani poti mwabwera ndi mwana wongokana kumwa. Auzeni nthawi yomwe anakodza komaliza, kuchuluka kwa zomwe wamwa, ndi nthawi yomwe analandira panado. Mayankho atatuwa amathandiza kudziwa ngati mwana angomwetsedwa Thanzi ORS pomwepo kwa maola angapo akuyang'aniridwa, kapena akufunika kapaipi kodutsa m'mphuno kapena diripi.

Akayamba kuchira

Njala imabwerera pang'onopang'ono, ndipo mwana akhoza kuoneka kuti watsika thupi. Kwa masabata awiri mupatseni chakudya chimodzi choonjezera pa tsiku, chokhala ndi nsinjiro, dzira, usipa wosinja kapena nyemba, kuti abweze zomwe anataya. Pitani naye kusikelo mwezi womwewo, ndipo ngati kulemera sikunabwerere, auzeni alangizi. Pamene akudwala akhale ndi kapu ndi supuni yakeyake, ndipo inu muzisamba m'manja ndi sopo mukamupukuta dovu kapena kumusintha thewera, chifukwa tizilomboti timayenda m'malovu ndi m'chimbudzi, ndipo wotsatira kudwala amakhala mng'ono wake.